Pulopozo ndi imelo: zolemba ziwiri za pulojekiti ya kachewere wa ku Tsangano

Wophunzira wa chaka chomaliza pa maphunziro a makompyuta amalembera mphunzitsi womuyang'anira zinthu zambiri, koma ziwiri ndiye zimasenza pulojekiti yonse. Choyamba ndi pulopozo, yolembedwa ntchito isanayambe, ndipo imanena zimene zidzachitike. Chachiwiri ndi imelo imene imatumizidwa kutatsala milungu yochepa kuti akaime pamaso pa oyesa, ndipo imanena chifukwa chake zimene zachitika sizinafike pa zimene zinalonjezedwa. Pulopozo imakhala ya masamba ambiri, yokonzedwa mwadongosolo, yosainidwa. Imelo imakhala ya ndime zochepa, ndipo nthawi zambiri imalembedwa usiku mtima uli phaphapha. Anthu ena amaona ngati yachiwiriyo imabwera kudzatsutsa yoyambayo. Ine ndikufuna tiziike pamodzi tione ngati zilidi choncho.

Tiyerekeze kuti wophunzirayo kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo wasankha ntchito yokhudza kwawoko. Kumapiri a ku Tsangano kumalimidwa kachewere wambiri, amene amadzaza misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga wa Lizulu. Kuzizira ndi chinyezi zimene kachewere amakonda ndi zomwenso chiwawu chimakonda. Wophunzirayo walonjeza kupanga pulogalamu ya pafoni imene mlimi akajambula tsamba, imuuze ngati tsambalo lili bwino, kapena lagwidwa ndi chimodzi mwa ziwawu ziwiri. Chiwawu choopsa kwambiri chimayamba ndi Phytophthora infestans: chimaika zigamba zonyowa zoderako, pansi pa tsamba pamamera nkhungu yoyera, ndipo nyengo ikakhala yozizira ndi yamvula chimatha kupsereza munda m'masiku ochepa. Chinacho chimayamba ndi Alternaria solani: chimayambira m'masamba okalamba a m'munsi, ndi madontho okhala ndi mizere yozungulira. Njira imene wasankha ndi ya dipu lening'i, yomwe pulogalamu siuzidwa malamulo ozindikirira matenda koma imaonetsedwa zithunzi zambiri zolembedwa mayina mpaka itapeza yokha zosiyanitsa. Manambala a wophunzirayu ndi achitsanzo chabe. A kafukufuku amene nditchule mayina ake ndi enieni.

Pulopozo yake inati pulogalamuyo idzalondola zithunzi 95 pa 100 zilizonse. Nambala imeneyi sanaitole pamsewu. Mu 2016, Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Frontiers in Plant Science. Anagwiritsa ntchito zithunzi 54,306 za nkhokwe ya PlantVillage, za mbewu za mitundu 14 ndi matenda 26, ndipo modelo yawo yabwino kwambiri inalondola 99.35 peresenti. Wophunzira amene wawerenga zimenezi n'kulonjeza 95 amaona ngati wadzichepetsa. Koma m'kafukufuku yemweyo muli nambala ina imene pulopozo zambiri zimaidumpha: atayesa modeloyo pa zithunzi zojambulidwa m'malo ena ndi m'njira zina, inalondola pafupifupi 31 peresenti basi. Pulopozo imagwira nambala yoyamba, imelo imakumana ndi yachiwiri. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo zinalembedwa ndi anthu omwewo papepala lomwelo.

Chimene chimasiyanitsa manambala awiriwa ndi zithunzi. M'nkhokwe ya PlantVillage tsamba limathyoledwa, n'kugonekedwa lokha pamalo osalala a mtundu umodzi, n'kujambulidwa. M'munda wa ku Tsangano tsamba lili pa mtengo wake, lakutidwa ndi anzake, kumbuyo kuli dothi, udzu, mthunzi wa wojambula, mwinanso chala chake.  Kuwala kwake ndi kwa dzuwa la masana kapena kwa nkhungu ya m'mawa. Uko tsamba lililonse lili ndi vuto limodzi looneka bwino. Kuno tsamba limodzi likhoza kukhala ndi chiwawu, mabowo a tizilombo, ndi chikasu cha kusowa feteleza. Modelo siidziwa kuti ife tikufuna iziyang'ana matenda. Imagwira chilichonse chimene chikuthandiza kusiyanitsa magulu, ngakhale chikhale mtundu wa pamene tsamba lagonekedwa. Mu 2022 Mehmet Alican Noyan anaonetsa kukula kwa vutoli: anaphunzitsa modelo ndi timadontho 8 tokha ta kumbuyo kwa chithunzi chilichonse cha PlantVillage, tosakhudza tsamba n'komwe, ndipo inalondola 49 peresenti, pamene kungolota mwa magulu 38 kukanapatsa 2.6 peresenti.

Pulopozo sikanatha kuona zonsezi m'munda, chifukwa inalembedwa kumunda kusanapitidwe. Ikanatha kuziona m'mabuku, chifukwa zinali zitasindikizidwa kale. Apa ndiye pamene tiyenera kuiweruza mosamala. Kulonjeza zambiri si mlandu waukulu. Chimene chinasowa n'chakuti sinanene kuti 95 ija idzayezedwa pa zithunzi ziti. Lonjezo lopanda malo oyezera limakwaniritsidwa pa kompyuta n'kulephereka m'munda tsiku lomwelo.

Tsopano imelo. Ilipo ya mitundu iwiri, ndipo aphunzitsi amaidziwa yonse. Ina imati: "Dokotala, pepani kuti zotsatira sizinatuluke bwino. Deta inali yochepa, intaneti imavuta, magetsi amazimazima, komanso ndinalibe kompyuta yamphamvu." Palibe bodza m'mawu amenewa. Ophunzira ambiri m'Malawi amaphunzitsira modelo zawo pa Google Colab yaulere, imene imadula ntchito ikatenga nthawi yaitali kapena intaneti ikaduka, ndipo amene sanasunge modelo yake pakati pa ntchito amayambiranso poyamba, bandulo itapita. Koma imelo yotereyi ingatumizidwe ndi wophunzira aliyense pa pulojekiti iliyonse. Siyiuza mphunzitsi chimene chalakwika mu ntchito iyi, ndipo siyimupatsa pogwira kuti athandize.

Imelo inayo imatenga mpata wa pakati pa lonjezo ndi zotsatira n'kuugawa zidutswa, chidutswa chilichonse ndi umboni wake. Imelo zotere zimalembedwa m'Chingerezi, koma m'Chichewa chiyambi chake chingamveke motere:

"Dokotala, ndikukhulupirira muli bwino. Ndikulemba kukudziwitsani kuti modelo sinafike pa 95 peresenti imene ndinalonjeza. Pa zithunzi za PlantVillage poyamba inalondola 98, ndipo nditakonza cholakwika pa kagawidwe ka zithunzi inatsikira pa 94. Pa zithunzi 300 zimene ndinajambula m'minda 12 ya ku Tsangano inalondola 177, kutanthauza 59 peresenti. M'munsimu ndafotokoza zimene ndapeza pa kutsika kulikonse, ndi zimene ndikupempha kuti mundilole kusintha."

Pulopozo inali ndi nambala imodzi, imelo ili ndi zitatu, ndipo kutsika kuchoka pa ina kufika pa inzake kuli ndi chifukwa chakechake.

Kutsika kochepa, kuchoka pa 98 kufika pa 94, n'kwa wophunzira mwini. Pofuna kuchulukitsa zithunzi, anatembenuza chilichonse, kuchipendeketsa ndi kuchiwalitsa, n'kupeza zithunzi zingapo kuchokera ku chimodzi. Imeneyo ndi njira yovomerezeka. Cholakwika chinali chakuti anachita zimenezi asanagawe, kenako n'kusakaniza zonse, 80 pa 100 zophunzitsira, 20 zoyesera. Motero tsamba limodzimodzi linapezeka mbali zonse ziwiri, kuno litaima, uko litapendekeka. Zili ngati mwana amene wapeza pa mayeso mafunso omwe analoweza dzulo, atangosinthidwa manambala a mafunso: amakhoza, koma kukhozako sikutiuza zimene akudziwa. Chizindikiro chake n'chakuti zotsatira za pa zithunzi zoyesera zimakwera msanga kwambiri n'kumayendera limodzi ndi za pa zophunzitsira, ndipo ukayang'ana mayina a mafayilo umapeza dzina limodzi mbali zonse. Mankhwala ake ndi kugawa kaye, ndiponso kugawa potsata tsamba kapena munda, osati chithunzi. Mu scikit-learn zimatheka motere:

```python
from sklearn.model_selection import GroupShuffleSplit
gss = GroupShuffleSplit(n_splits=1, test_size=0.3, random_state=0)
train, test = next(gss.split(X, y, groups=munda))
```

Apa `munda` ndi mndandanda wonena munda umene chithunzi chilichonse chinachokera, kotero kuti zithunzi za munda umodzi zonse zimapita mbali imodzi. Mohanty ndi anzake anasamala zimenezi, pozindikira kuti m'nkhokwe yawo muli zithunzi zingapo za tsamba limodzi.

Kutsika kwakukulu, kuchoka pa 94 kufika pa 59, ndi kumene imelo iyenera kukhalapo nthawi yaitali, ndipo nambala ya 59 payokha imasocheretsa. Mwa zithunzi 300 zija, tinene kuti 180 zinali za masamba abwino, 90 za chiwawu choopsa chija, 30 za chiwawu cha mizere yozungulira. Modelo inazindikira 84 mwa 90 za chiwawu choopsa, 12 mwa 30 za chinacho, ndi 81 zokha mwa 180 za masamba abwino. Tikaphatikiza tipeza 177. Tsopano taonani: pulogalamu yopanda nzeru iliyonse, yongoyankha kuti "tsamba lili bwino" pa chithunzi chilichonse, ikanalondola 180, kutanthauza 60 peresenti, kuposa modelo ya wophunzirayu. Koma pulogalamu imeneyo sikanapeza chiwawu ngakhale pa tsamba limodzi, pamene iyi yapeza pafupifupi chonse choopsa. Wowerenga 59 yekha anganene kuti miyezi yonseyo yapita pachabe. Wowerenga magulu atatuwo payekhapayekha aona kuti modelo ili ndi chilema chimodzi chodziwika: imanamizira matenda masamba abwino, 99 mwa 180.

Chilemachi chili ndi gwero lake, ndipo gwerolo linali poyera kuyambira pachiyambi. Gawo la kachewere m'nkhokwe ya PlantVillage lili ndi zithunzi 1,000 za chiwawu chimodzi, 1,000 za chinacho, ndi 152 zokha za masamba abwino. Modelo yophunzira pamenepo imaona tsamba labwino kamodzi pa zithunzi 14 zilizonse, ndipo ngakhale itapanda kutchula "labwino" n'kamodzi komwe, ikhoza kufika pafupifupi 93 peresenti ikamasiyanitsa bwino ziwawu ziwirizo. M'nkhokwe matenda ndiwo ochuluka. M'munda wosamalidwa masamba abwino ndiwo ochuluka. Pa kompyuta chilemachi chimabisala, chifukwa mwa zithunzi zoyesera zabwino zimakhala pafupifupi 30 zokha. Ku Tsangano chimaonekera, chifukwa zabwinozo ndi zoposa theka. Ndipo kwa mlimi kulakwitsa kuwiriku sikufanana mtengo. Kumuuza kuti tsamba lodwala lili bwino kungamutayitse munda. Kumuuza kuti tsamba labwino likudwala kumamuchititsa kugula mankhwala opopera osafunika, ndipo zikachitika kangapo amasiya kuikhulupirira foniyo.

Imelo yabwino siingoganizira kuti vuto ndi dothi ndi mithunzi ya kumbuyo, imayesa. Njira yosavuta ndi kutenga zithunzi makumi angapo mwa zimene modelo inalakwitsa, kudula tsamba lokha n'kuliika pamalo osalala, kenako kuzipatsanso modelo. Yankho likasintha tsamba lili lomwelo, ndiye kuti imayang'ana kumbuyo. Njira ina ndi Grad-CAM, imene imapaka utoto mbali za chithunzi zimene zakoka kwambiri yankho la modelo. Utotowo ukagwera pa dothi kapena m'mphepete mwa mthunzi m'malo mwa pa dontho la matenda, umboni wapezeka, ndipo zithunzi zitatu kapena zinayi zoterozo zikamatidwa ku imelo zimalankhula kuposa ndime yonse ya kupepesa.

Pali chinthu china chimene pulopozo inachitenga ngati chapafupi ndipo imelo iyenera kuchivomera: ndani ananena kuti tsamba ili lili ndi chiwawu chakuti? Pulopozo inalemba mzere umodzi, kuti zithunzi zidzalembedwa mayina mothandizidwa ndi alangizi a zaulimi. M'munda, mlangizi ali ndi alimi ambiri oti awayendere, ndipo ngakhale katswiri amavutika kusiyanitsa ziwawu ziwirizi pa chithunzi cha foni matenda akangoyamba kapena tsamba likauma kale. Ngati mayina ena ndi olakwika, modelo ikhoza kulondola n'kuwerengedwa yolakwa. Choyezera chake ndi kupatsa anthu awiri zithunzi zomwezo, aliyense payekha, n'kuwerenga pamene agwirizana. Akagwirizana pa 85 mwa 100, palibe chifukwa choyembekezera kuti makina ayezedwe n'kupezeka pa 95. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kalendala ya sukulu siitsata mvula, ndipo wophunzira amene wapeza mpata wopita kumudzi nyengo youma adzapeza matenda ochepa ndi kuwala kwina kusiyana ndi wopita mu Febuluwale. Zithunzi 30 za chiwawu chachiwiri n'zochepa kwambiri moti 12 mwa 30 sitingamangepo mfundo yolimba. Ngakhale 59 peresenti ya zithunzi 300 ikhoza kusuntha ndi 5 kapena 6 mbali iliyonse ngati titajambula zina 300, ndipo mwina kuposa apo, poti zithunzi za munda umodzi zimafanana.

Tikaziika pamodzi tsopano, zolemba ziwirizi zimafanana kuposa mmene zimaonekera. Zonse zimapempha chilolezo: pulopozo ipempha kuyamba, imelo ipempha kusintha. Zonse zimayesedwa ndi funso limodzi, lakuti kodi wina angatsate zimene zalembedwa n'kupeza zomwezo. Zonsenso zili ndi yesero lake. Yesero la pulopozo ndi kukometsa, chifukwa wophunzira amaopa kuti lonjezo laling'ono likanidwa. Yesero la imelo ndi kubisa, ndipo kubisako n'kosavuta: kungolemba 98 ija mu lipoti, zithunzi za ku Tsangano n'kuzisiya mu foni, palibe angadziwe msanga. Yesero lina la imelo ndi kudzigwetsa mopitirira, kulemba ngati zonse zalephereka, zomwe nazonso si zoona.

Kusiyana kwake kuli pa zimene aliyense angathe kudziwa. Pulopozo imadziwa zimene ena anapeza, imelo imadziwa zimene wolembayo wapeza. Koma tisafulumire kunena kuti imelo ndiyo yanzeru ndipo pulopozo inali maloto. Popanda 95 yolembedwa ndi kusainidwa, sipakanakhala mpata woti ufotokozedwe. Wophunzira akanangobweretsa chilichonse chimene chatuluka n'kuchitcha chipambano. Popanda lonjezo lokayesa m'munda weniweni, sakanakwera minibasi kupita ku Tsangano. Pulopozo ndi imene inaika muyezo umene imelo ikudziyezera. Komanso tisanene kuti pulopozo ndiyo chikalata chenicheni ndipo imelo ndi chophimbira manyazi. Zimene zili mu imelo yachiwiri ija, magulu atatu, zithunzi za Grad-CAM, kugwirizana kwa olemba mayina, ndizo zidzakhale mutu wa zotsatira ndi mutu wa zokambirana mu lipoti lomaliza, ndipo ndizo wophunzira wa chaka chamawa angayambirepo.

Mphunzitsi naye amawerenga ziwirizi mosiyana. Pa pulopozo amafunsa ngati ntchitoyo ingatheke m'miyezi imene ilipo. Pa imelo amafunsa ngati wophunzirayo akumvetsa chimene chachitika, ndi ngati nthawi yotsalayo ikukwanira kuchitapo kanthu. Ndiye chifukwa chake tsiku lotumizira lili ndi kanthu: imelo yofika kutatsala milungu isanu ndi umodzi imatsegula njira, yofika kutatsala masiku atatu imangodziwitsa. Tinenenso mosabisa kuti pulopozo ija inadutsa m'manja mwa mphunzitsi ndipo anaivomera. Funso lakuti 95 idzayezedwa pati linali loti afunse onse awiri. Wophunzira waulemu sangalembe zimenezo mu imelo, ndipo sayenera kutero, koma mphunzitsi wachilungamo amazikumbukira poyankha.

Mathero a imelo ndi pamene imakhalanso ngati pulopozo, yaing'ono ndi yodziwa malire ake. Wophunzira wathu angalembe kuti: "Ndikupempha zinthu zitatu, Dokotala. Mundilole kusintha cholinga chachiwiri, kuti m'malo molonjeza 95 peresenti chikhale kuyeza kusiyana kwa zotsatira pakati pa zithunzi za PlantVillage ndi za m'munda. Mundilole kutenga zithunzi za minda 8 mwa 12 kuti ndiphunzitsirenso magawo omaliza a modelo yanga ya MobileNetV2, minda 4 yotsalayo ndiisunge yoyesera osaikhudza mpaka pomaliza. Ndiponso ngati mungandilumikize ndi wina wa za matenda a mbewu kuti aonenso mayina a zithunzi 100, ndingathokoze kwambiri. Ndidzakutumizirani zotsatira pakatha milungu iwiri, zikwere kapena zisakwere."

Pempho lachiwirilo lili ndi malire amene wophunzira ayenera kuwatchula yekha asanafunsidwe. Minda 4 ndi zithunzi pafupifupi 100, ndipo pa zithunzi zochepa chotero nambala yotuluka ikhoza kusuntha ndi 10 mbali iliyonse. Minda yonse 12 ndi ya dera limodzi, nyengo imodzi, foni imodzi. Modelo ikakwera kufika pa 75 kapena 80, lipoti linganene kuti zithunzi zochepa za kumaloko zathandiza pa minda ya ku Tsangano ya nyengo imeneyo. Silinganene kuti pulogalamuyo yakonzeka kupatsidwa kwa mlimi wa ku Dedza kapena wa kutsidya ku Angonia, amene mbewu yake, dothi lake ndi foni yake sizinayesedwe. Ikapanda kukwera, lipoti lidzanena zimenezo, pamodzi ndi tebulo la magulu atatu ndi chiwerengero cha zithunzi za masamba abwino zimene wotsatira ayenera kuyamba wasonkhanitsa nyengo ya mvula isanathe.